Lipoti la Boma ndi Mawu a Oukira: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhondo ya Chilembwe

Mwana wa sukulu wa kwa Mwambo, kaya wa pa Jali kaya wa ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akafika pa msinkhu wophunzira mbiri mozama, amapatsidwa ntchito yolemba chimangirizo choyerekeza zolembedwa ziwiri zakale zonena za chinthu chimodzi. Kwa ife a chigawo chino nkhani yoyenera kuyeserapo luso limeneli ili pafupi, pakuti Magomero, kumene kunayambira kukhetsa mwazi usiku wa pa 23 Januwale 1915, sikutali ndi kwathu, ndipo ku Zomba, kumene anthu a kwa Mwambo amapita kukagulitsa mpunga ndi matemba, n'kumene kunalembedwa zikalata zonse ziwiri zimene tikambe pano: lipoti la komishoni ya boma la atsamunda, ndi nkhani imene George Simeon Mwase anailemba ataimva kwa mmodzi wa anthu a Mbusa John Chilembwe.

Kodi zikalata ziwirizi n'zotani, ndipo anazilemba ndani?

Choyamba ndi lipoti la komishoni imene Bwanamkubwa George Smith anaikhazikitsa mu 1915 kuti ifufuze chiyambi cha kuukirako, cholinga chake, madandaulo a anthu, ndiponso ngati chiphunzitso cha mamishoni chinathandizira kuutsa mitima. Wapampando wake anali woweruza milandu R. W. Lyall Grant, ndipo anakhala naye akuluakulu awiri a boma, Turnbull ndi Casson, wansembe Glossop wa mpingo wa Angilikani, ndi Metcalfe woimira Azungu a minda ndi malonda. Onse asanu anali Azungu. Anamva mboni zambiri, zoyera ndi zakuda, ndipo lipoti lawo, limene lili la masamba owerengeka chabe, linasindikizidwa ku Zomba mu 1916.

Chachiwiri chinalembedwa m'ndende. Mwase anali Mtonga wa ku chigawo cha kumpoto, kalaliki wophunzira, amene anathandiza kuyambitsa bungwe la eni dziko la chigawo cha pakati mu 1927; ndipo atamangidwa pa mlandu wa ndalama mu 1931, anakumana m'ndende ya ku Zomba ndi Wallace Kampingo, mmodzi wa otsatira a Chilembwe amene anali chikhalire m'ndendemo chifukwa cha kuukira komweko. Zimene Kampingo anamufotokozera, pamodzi ndi maganizo akeake, Mwase anazilemba m'Chingerezi mu 1931 ndi 1932. Zolembazo zinagona m'nyumba yosungiramo zikalata zakale ku Zomba kufikira Robert Rotberg anazisindikiza mu 1967 pa mutu wakuti *Strike a Blow and Die*.

Popeza boma linali mdani wa Chilembwe, bwanji osangonena kuti lipoti n'labodza, ndipo choonadi chili kwa Mwase?

Funso limeneli limachokera mu mtima wabwino, mtima wokonda dziko ndi wolemekeza munthu amene timamukumbukira pa 15 Januwale chaka ndi chaka. Komatu wolemba amene ayamba ndi chigamulo chotere wataya chimangirizo chake asanachiyambe, pakuti wapatsidwa ntchito ya nkhoswe yomva mbali zonse, koma iye wadzisandutsa mwini mlandu. Pa bwalo la mfumu, munthu wodedwa ndi mudzi wonse amathanso kunena zoona, ndipo wokondedwa amathanso kuiwala kapena kukometsa. Nduna yanzeru siifunsa kuti wolankhulayo ndi wa mbali iti pokha, koma imafunsanso kuti anali kuti tsikulo, anaona ndi maso kapena anangomva, ndipo apindulanji bwalo likamukhulupirira. Chilamulo cha Mose nachonso sichinalole kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi.

Tsono mukazifunsa motero zikalata ziwirizi, mudzapeza chinthu chimene ophunzira ambiri sachiona: palibe chimodzi mwa izo chimene chili monga dzina lake linenera. Lipoti la boma si mawu a boma okhaokha, pakuti linamangidwa pa maumboni a anthu ambiri, ena mwa iwo Amalawi olimba mtima amene anaima pamaso pa oweruza nanena zowawa za anthu awo. Nayonso nkhani ya Mwase si mawu a woukira enieni, pakuti Mwase sanali pa Mbombwe, pamene panali mishoni ya Chilembwe, usiku uja, sanagwire mkondo, ndipo analemba patapita zaka 16 kapena 17. Chimangirizo chabwino chimayambira pa kuzindikira kumeneku.

Nanga lipoti la komishoni linati chiyani, ndipo kufooka kwake kuli pati?

Mwachidule, linati cholinga cha Chilembwe chinali kupha kapena kupirikitsa Azungu ndi kukhazikitsa ufumu wa anthu akuda wokhala pa maziko a chipembedzo, iye mwini nakhala mutu wake. Muzu wa maganizo otere linaupeza mu chiphunzitso cha Joseph Booth, Mzungu wa mishoni amene anatenga Chilembwe kupita naye ku Amerika mu 1897, ndi m'mipingo ndi masukulu oyendetsedwa ndi anthu akuda popanda Mzungu wowayang'anira. Koma linavomerezanso kuti pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero anthu ankasungidwa mwankhanza, ndi kuti William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo, anali wouma dzanja pa antchito ndi pa matchalitchi a Chilembwe.

Kufooka kwake koyamba kuli pa nthawi. Pamene komishoni inayamba kumva mboni, Chilembwe anali ataomberedwa kale pa 3 Febuluwale 1915 cha ku Mulanje akuthawira ku malire a dziko la Apwitikizi. John Gray Kufa, Duncan Njilima ndi ena, onse pamodzi pafupifupi 40, anali ataphedwa mwa chigamulo cha boma. Enanso pafupifupi 300 anali m'ndende. Ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa cha pa Mbombwe chinali chitagwetsedwa ndi mabomba. Chotero anthu amene ankadziwa bwino koposa chimene chinapanganidwa m'misonkhano ya usiku anali m'manda, ndipo amene anatsala ndi moyo nabwera kudzaperekera umboni ankadziwa kuti liwu limodzi loonetsa chifundo kwa oukira likhoza kuwatengera kumene kunapita anzawo. Umboni woperekedwa pansi pa mantha otere suli wachabe, koma uyenera kuwerengedwa podziwa kuti mboni zinasankha mawu.

Kufooka kwachiwiri kuli pa amene anafunsa mafunso. Komishoni imene munali akuluakulu a boma ndi woimira eni minda sikanatha kufunsa mosavuta ngati msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa nthaka ndi thangata lenilenilo zinali zolungama, pakuti zimenezo ndizo zinali mizati ya dziko limene iwo ankalilamulira. Kunali kwapafupi kusenzetsa mlandu munthu mmodzi wakufa kale, Livingstone, ndi mlendo mmodzi wochotsedwa kale m'dziko, Booth. Landeg White, m'buku lake la mbiri ya Magomero la mu 1987, anasonyeza kuti lamulo loletsa masukulu ndi matchalitchi pa mindayo linachokera kwa mwini wake, Alexander Livingstone Bruce, amene anali moyo ndipo anakaonekera yekha pamaso pa komishoniyo. Wophunzira aone bwino apa: bodza la lipoti la boma nthawi zambiri silikhala m'zimene lanena, koma m'malire amene ladziikira a zimene lingafunse.

Ngati lili lofooka chotero, lipotilo lili ndi phindu lanji?

Lili ndi phindu lalikulu pa zinthu ziwiri. Choyamba, linalembedwa chaka chisanathe chichitikire zinthuzo, ndi anthu amene anali ndi makalata ogwidwa pa Mbombwe ndi zolembedwa za milandu m'manja mwawo. Chotero pa masiku, maina ndi ndondomeko ya zochitika n'lodalirika kuposa chikumbumtima cha munthu wokhala m'ndende zaka zambiri. Phindu limeneli linakula ndi tsoka limene linagwa mu 1919, pamene moto unatentha maofesi a boma ku Zomba ndi kupsereza zikalata zambiri za nthawi imeneyo.

Chachiwiri ndicho chimene ndikufuna wophunzira aliyense achigwire ndi manja awiri. Mboni ikanena chinthu chodzipweteka nacho yokha, umboni umenewo umalemera kuposa zonse zimene yanena zodzikometsera. Pamene Azungu asanu, atakhala pansi m'dziko limene Azungu anzawo atatu anali ataphedwa kumene, alemba ndi dzanja lawo kuti wophedwayo ankazunza anthu, sitifunikanso kukayika kuti nkhanzazo zinalipo; iwo analibe chifukwa chopekera zimenezo, ndipo anali nazo zifukwa zambiri zozibisira. Mu 1917 boma linakhazikitsa lamulo lofuna kuti anthu okhala pa minda ya Azungu azilipira lendi ya ndalama m'malo mokakamizidwa ntchito, ndipo ngakhale eni minda analifooketsa lamulolo, kukhazikitsidwa kwake n'chizindikiro chakuti boma linamva kumene kunachokera utsi.

Ndiponso tsopano tili ndi mwayi umene ophunzira akale analibe, pakuti mu 2015 John McCracken anasindikiza maumboni enieni a mboni za komishoniyo m'buku lotchedwa *Voices from the Chilembwe Rising*. M'menemo muli mawu a Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, Mbusa Stephen Kundecha, Joseph Bismarck ndi ena, ndiponso a Dokotala Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre, amene anadzudzula mwambo wokakamiza munthu wakuda kuvula chipewa pokumana ndi Mzungu amene iye sabweza ulemuwo. Amene angapeze bukuli aike maumboniwo pambali pa lipoti, ndipo adzaona ndi maso ake kuchuluka kwa madandaulo amene analowa m'makutu a komishoni ndi kuchepa kwa amene anatulukira m'lipoti.

Nanga Mwase tingamukhulupirire mpaka pati?

Mwase amatipatsa chimene lipoti silingathe kutipatsa, ndicho mkati mwa mpanda wa Mbombwe: mmene atsogoleri anasonkhanira, mmene Chilembwe anawalankhulira, ndi malangizo amene anapereka. Monga mwa iye, Chilembwe sanayembekezere kugonjetsa Azungu. Anauza anthu ake kuti akanthe kamodzi ndi kufa, kuti mwazi wawo uchititse boma kuzindikira kuti munthu wakuda akuvutika, ndipo anawaletsa kupweteka akazi ndi ana kapena kufunkha chuma. Mwase anamufanizira ndi John Brown, Mzungu wa ku Amerika amene anaukira ukapolo mu 1859 nanyongedwa.

Koma tiyeni tiwerenge manja amene mawuwa anadutsamo asanafike kwa ife. Chilembwe analankhula, Kampingo anamva, nasunga mu mtima zaka 16 ali m'ndende, kumene munthu amabwereza nkhani ya kugwa kwake kosalekeza kufikira itapeza tanthauzo lomutonthoza, Mwase anamva kwa Kampingo, naisandutsa Chingerezi, naiveka mawu a munthu wowerenga mabuku, pomaliza Rotberg anaikonza, naipatsa mutu umene Mwase sanaupatse. Pa dzanja lililonse china chikhoza kugwa ndipo china chikhoza kuwonjezeka. Makamaka tiyenera kusamala ndi malankhulidwe aatali amene Mwase amawaika m'kamwa mwa Chilembwe, pakuti panalibe wolemba mawu m'misonkhano ija. Wophunzira asalembe kuti Chilembwe anati chakutichakuti, koma kuti Mwase, potsata Kampingo, akuti Chilembwe anatero. Kusiyana kwa ziganizo ziwirizo kumaoneka kochepa, koma woyesa mayeso wodziwa ntchito yake amakuyang'ana msanga.

Pali chinanso. Munthu amene wagonja amapeza ulemu ponena kuti sanafune kupambana, koma kudzipereka nsembe. Sindikunena kuti Kampingo ananama. Ndikunena kuti nkhani ya nsembe ndi imene wogonja aliyense angaikonde, monga momwe nkhani ya chiwembu chopha Azungu onse ndi imene boma lililonse lonyonga anthu 40 lingaikonde. Ndipo Mwase mwini, pokhala mkaidi wolemba m'ndende ya boma lomwelo, analemba moyamikira ulamuliro wa Angerezi m'mbali zina za buku lake, nanena kuti zinthu zinasintha kukhala bwino pambuyo pa 1915. Amene amutcha liwu la oukira popanda kutchula zimenezi sanaliwerenge buku lonse.

Tsono kuyerekezako kumachitika motani? Tisonyezeni pa mfundo imodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Cholakwa chofala ndicho kulemba tsamba limodzi lofotokoza zonse za m'lipoti, tsamba lina lofotokoza zonse za Mwase, kenaka chiganizo chimodzi chonena kuti ziwirizi n'zosiyana. Kumeneko n'kuika katundu awiri pabwalo, osati kuwayesa pa sikelo. Njira yake ndiyo kusankha funso limodzi limene zikalata zonse ziwiri zikuliyankha, ndi kuziitana zonse ziwiri pa funso limenelo. Titenge funso lakuti: kodi Chilembwe ankafuna kulanda dziko, kapena kufa monga mboni?

Tamva kale mayankho awiri: lipoti likuti kulanda, Mwase akuti kufa. Tsopano tisiye zonena, tione zochitika zimene mbali zonse sizizikana, ndipo chilichonse tichifunse kuti chikugwirizana ndi yankho liti. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale gulu lina linapita ku Magomero, kumene linapha Livingstone ndi kumudula mutu, linaphanso Duncan MacCormick. Ku Mwanje, mbali ina ya minda yomweyo, kunaphedwa Robert Ferguson. Azungu onse atatu ophedwa anali a pa minda ya Bruce. Akazi ndi ana a Chizungu anagwidwa, koma sanapwetekedwe, ndipo anabwezedwa amoyo. Lamulungu m'mawa Chilembwe analalikira pa Mbombwe mutu wa Livingstone uli poonekera, ndipo iye mwini sanatsogolere gulu lililonse kupita ku Blantyre kapena ku Zomba. Zonsezi zikutsamira kwa Mwase: munthu wofuna kufafaniza mtundu wonse sasunga akazi ndi ana ake, ndipo pa mfundo ya akaziyi mawu a Kampingo akutsimikizidwa ndi Azungu eni ake amene anapulumuka.

Koma usiku womwewo gulu lina linapita ku sitolo ya Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti ndi zipolopolo, ngakhale linangopeza zowerengeka. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama anali atakonzeka kudzuka ndi anthu ake pa nthawi yomweyo. Chilembwe anatumiza kalata kwa Ajeremani a ku Tanganyika, adani a Angerezi pa nkhondo ya nthawi imeneyo, kudzera mwa mthenga Yotamu Bango. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe wake anavulazidwa koopsa, ngakhale sanali wa pa minda ya Bruce. Ndipo potsiriza Chilembwe sanadikire imfa pa guwa la tchalitchi chake, koma anaphedwa ali pa ulendo wolowera ku malire. Izi zikutsamira ku lipoti: wofuna kungofa safunafuna nkhokwe ya mfuti, ndipo salembera mfumu yachilendo.

Apa wophunzira wamantha amathawa nanena kuti onse ali ndi mbali yawo ya choonadi, osapitirira. Wolimba mtima amagamula, nasonyeza malire a chigamulo chake. Ndime yake ikhoza kuyenda motere:

"Lipoti la 1916 ndi nkhani ya Mwase zikugwirizana kuti nkhanza za ku Magomero zinali pakati pa zoyambitsa kuukira, ndipo popeza komishoni inavomereza zimenezi modzipweteka yokha, mfundoyi ndi yokhazikika. Zikusiyana pa cholinga. Kusungidwa kwa akazi ndi ana kukutsutsa mawu a komishoni akuti cholinga chinali kupha Azungu onse. Koma ulendo wa ku Mandala, pangano la ku Ntcheu ndi kalata ya kwa Ajeremani zikusonyeza chikonzero chachikulu kuposa nsembe imene Mwase akufotokoza. Chifukwa chake ndikuona kuti poyamba panali chiyembekezo chakuti dziko lidzuka, ndipo kuti nkhani ya kukantha ndi kufa ikuonetsa mtima wa atsogoleri podziwa kuchepa kwa mphamvu zawo, monga momwe mmodzi wa iwo anaukumbukira patapita zaka 16."

Wina akhoza kugamula mosiyana ndi ine pa maumboni omwewa, ndipo sangalakwe, malinga asonyeze mwala uliwonse umene wapondapo powoloka.

Kodi n'kololedwa kubweretsa mboni yachitatu pamene funso latchula zikalata ziwiri zokha?

N'kololedwa, ndipo pa nkhani iyi n'kofunika, malinga mlendoyo asalande malo a eni nyumba. Tili nayo kalata imene Chilembwe mwini analembera nyuzipepala ya *Nyasaland Times* mu Novembala 1914, patangopita miyezi iwiri chichitikire nkhondo ya ku Karonga, kumene asilikali akuda anafa pomenyana Angerezi ndi Ajeremani. M'kalatamo anadandaula kuti anthu osauka a dziko lino akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Ndipo boma linaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe. Kukoma kwa kalatayi n'kwakuti inalembedwa kuukira kusanachitike, chotero siinadetsedwe ndi mantha a wogonja kapena mkwiyo wa wopambana. Ikutionetsa munthu amene miyezi iwiri asanatenge zida anali kuyesabe kulankhula ndi boma poyera, ndiponso ikuika nkhondo ya Azungu patsogolo pa madandaulo ake. Komabe nayo ili ndi malire: inalembedwera maso a Azungu, ndipo munthu salemba chikonzero chake cha usiku m'nyuzipepala.

Ndi zizindikiro ziti zimene zimaonetsa kuti chimangirizo chasokera?

Chachikulu ndicho kunena kuti chikalata n'chokondera n'kulekera pomwepo. Chikalata chilichonse cholembedwa ndi munthu chili ndi mbali. Ntchito ndiyo kusonyeza chiganizo chimene kukonderako kwachipotoza ndi chimene sikunachikhudze. Kukondera kwa komishoni kumakhudza zimene inanena za cholinga cha Chilembwe, koma sikusintha tsiku limene Livingstone anafa. Chizindikiro china ndicho kutenga kugwirizana kwa zikalata ziwiri monga chitsimikizo osafunsa ngati chimodzi sichinamwe pa chitsime cha chinzake, pakuti Mwase analemba nkhani ya kuukira itakambidwa kale m'dziko lonse kwa zaka zambiri, ndipo zina zimene akugwirizana ndi boma zikhoza kukhala zimene aliyense ankazidziwa. Chinanso ndicho kubweretsa m'chaka cha 1915 maganizo a mu 1964, ngati kuti Chilembwe ankaona kale mbendera ya Malawi. George Shepperson ndi Thomas Price, amene buku lawo la *Independent African* la mu 1958 lidakali tsinde la maphunziro onse a nkhaniyi, anasamala kumuika munthuyo m'nthawi yake, ndipo Jane ndi Ian Linden pambuyo pake anakumbutsa kuti ambiri mwa otsatira ake ankayembekezera kutha kwa dziko ndi kudza kwa Yerusalemu watsopano monga mwa Chivumbulutso.

Kodi pali anthu amene zikalata zonse ziwiri zawasiya kunja?

Alipo, ndipo kwa mwana wa kwa Mwambo funso ili ndilo la pakhomo. Ambiri mwa amene ananyamula mikondo kupita ku nyumba ya Livingstone sanali abusa, makalaliki kapena eni masitolo monga Kufa ndi Njilima. Anali anthu a thangata, ochuluka mwa iwo Alomwe amene anaoloka kuchokera kum'mawa kwa Chilwa ndi kuseri kwa phiri la Mulanje pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, nakhazikika pa minda ya Azungu chifukwa analibe nthaka ina yoti apemphe. Minda ya Bruce ku Magomero inali ya maekala oposa 160,000, ndipo wokhala pamenepo ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa pa mindayo sunkawerengedwa ndi kuoneka kwa mwezi kumwamba, unkawerengedwa ndi ntchito zimene kapitawo wavomereza kuti zatha, chotero miyezi iwiri inkatha kutambasuka kufikira kudya nyengo yonse ya dzinja, pamene munthu anayenera kukhala m'munda mwake. Malipiro ake nthawi zina anali fodya m'malo mwa ndalama. Pamwamba pa zimenezi panagwa njala ya 1912 ndi 1913, ndipo timatchalitchi taudzu timene anadzimangira tinatenthedwa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komatu m'lipoti anthu amenewa amaoneka monga khamu la osaphunzira lonyengedwa ndi mbusa wochenjera, ndipo kwa Mwase, amene maso ake ali pa Chilembwe ndi nduna zake, amaoneka monga asilikali olandira malamulo. Onse awiri, Mzungu wa komishoni ndi kalaliki wa Chitonga, anali anthu a pensulo, ndipo onse awiri anafuna tanthauzo la kuukira m'mutu wa mtsogoleri. Akazi a m'midzi ya pa mindayo, amene ankatsala ndi khasu amuna ali ku thonje la bwana, ndipo amene nyumba zawo zinatenthedwa pobwezera, samveka n'komwe. Chimangirizo chimene chaona kuti zikalata ziwiri zotsutsana zikhoza kukhala chete pa chinthu chimodzimodzi chafika pamene ophunzira ochepa amafika.

Nanga zimene agogo athu amasimba tingaziike m'chimangirizo?

Mungathe, ngati mphunzitsi walola, ndipo Landeg White anachita zomwezo pamene anakhala ndi anthu a ku Magomero nalemba zimene anakumbukira za thangata. Koma muyeso umene tayesera komishoni ndi Mwase uyesenso agogo, pakuti ulemu kwa akulu suchotsa funso lakuti anamva kwa yani. Lero palibenso wamoyo amene anaona 1915 ndi maso. Gogo wa pa Jali amene akusimba anamva kwa amayi ake kapena kwa agogo ake, ndipo pakati pa nthawi ija ndi ino padutsa maphunziro a kusukulu, mawailesi a pa 15 Januwale ndi nkhope ya Chilembwe pa ndalama, zonse zimene zimalowa m'chikumbumtima cha munthu iye osadziwa. Chotero wofunsa alembe tsiku ndi mudzi umene anafunsira, zaka za wosimbayo, ndi mzere wa anthu amene nkhaniyo inadutsamo. Asafunse kuti, "Agogo, kodi Chilembwe ankafuna chiyani?" pakuti adzalandira yankho la pa wailesi; afunse kuti, "Agogo, makolo anu anachokera kuti, anayamba kukhala pa munda wa yani, tikiti ya msonkho ankaipeza bwanji, ndipo anasamukiranji kubwera kuno kwa Mwambo?" Pa mafunso otere banja limasunga zake zimene silinaziphunzire kwa wina, ndipo mayankho ake akhoza kuikidwa pambali pa ndime ya lipoti yonena za minda ya Bruce, kuti aone ngati masiku a thangata amene komishoni inavomereza akufanana ndi amene anthu anawagwira.